Za zithunzi za pa pepala 5 ndi 6 la polojekiti yanga ya shedi ya msika

Aphunzitsi,

Pamene tinkayamba situdiyo ya teremu ino munanena kuti aliyense wogwiritsa ntchito AI anene poyera pomwe waigwiritsa. Ndiye ndati ndikulembereni musanayambe kuchonga, kuti mukamatsegula mapepala anga a shedi ya amayi ogulitsa masamba ku Ndirande mudziwiretu chomwe chachokera m'manja mwanga ndi chomwe makina awonjezera.

Pulani, masekishoni ndi zojambula za denga ndinazichita ndekha mu AutoCAD, kuchokera pa miyeso yomwe ndinakatenga ndi tepi pamalopo. Modelo ndinaimanga mu SketchUp. Mapepala 1 mpaka 4 mulibe AI ngakhale pang'ono.

Zithunzi zinayi za pa pepala 5 ndi 6 ndi zomwe zadutsa mu Stable Diffusion. Sindinangoiuza kuti indijambulire msika. Ndinatulutsa mizere ya modelo yanga kuchokera mu SketchUp, n'kuilowetsa kudzera mu ControlNet, yomwe imakakamiza chithunzi kutsatira mizereyo kuti nsanamira ndi denga zisasunthe. Mawu amene ndinalembamo ndi awa:

```
open market shed, stabilised soil block walls, corrugated iron roof, red earth, overcast sky
```

Choncho ntchito yake inali kuveka modelo: maonekedwe a khoma, mitambo, dothi lofiira ndi milu ya tomato pa mabenchi.

Koma makinawa ali ndi zokonda zawo, ndipo apa ndi pomwe ndikupempha kuti muyang'anitsitse. Khoma langa ndi la mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti, osawotcha. Ndinasankha dala, chifukwa malamulo a 2018 analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Chithunzi chinkangobwera ndi njerwa zofiira zowotcha, zosalala ngati za m'magazini. Ndinakonza mtunduwo pamanja mu Photoshop, potengera mabuloko enieni amene ndinawajambula ndi foni.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ngalande. Polojekiti yonseyi yagona pa madzi. Aliyense amene anali mu Blantyre nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 akudziwa zomwe madzi otsika m'phiri amachita, ndipo amayi amene ndinacheza nawo anandiuza kuti mvula ikagwa amanyamula madengu n'kuima, malonda aima. N'chifukwa chake ndinakweza pansi pa shedi ndi masentimita 45, ndinatulutsa denga mita imodzi ndi theka, n'kuzunguliza ngalande yotseguka yoti munthu atha kuikokola ndi fosholo. Makina sankaifuna ngalandeyo. Ankaikwirira ndi kapinga wobiriwira kapena kuisandutsa kanjira ka anthu apansi, ndipo zikatero chithunzi chinkakongoladi, koma cha nyumba ina, osati yanga. Pa zithunzi zitatu ndinaibwezeretsa. Pa chachinayi, cha kumanja pansi pa pepala 6, ndachisiya momwe chinatulukira ndipo ndalemba pansi pake, kuti anzanga pa tsiku loonetsa ntchito aone ndi maso awo momwe chithunzi chokongola chimabisira chinthu chomwe nyumbayo yaimirapo.

Mithunzi ya pa zithunzizo musaikhulupirire. Makina amangoika dzuwa pomwe pawakomera. Kuno m'mwezi wa Juni dzuwa la masana limakhala kumpoto ndipo mthunzi umagwera kumwera, pomwe mu Disembala limakhala pafupifupi pamutu. Mithunzi yoona ili pa pepala 4, yochokera mu SketchUp nditaika malo enieni ndi tsiku la 21 la miyezi iwiriyo.

Anthu ali m'zithunzimo ndinawajambula ndekha pamanja. Amene makina ankaikamo sankafanana ndi aliyense wa mumsika wa Ndirande, palibe wovala chitenje, palibe wobereka mwana. Zithunzi za amayi amene ndinacheza nawo sindinazilowetse mu pulogalamu iliyonse, popeza anandilola kuwajambula kuti ndizikumbukira kakhalidwe kawo pa benchi basi.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangojambula zonse ndekha. Laputopu yanga imatenga usiku wathunthu pa chithunzi chimodzi chabwino, ndipo magetsi akathima pakati ndiye kuyambanso. Njirayi inandipatsa mpata woyesa mwachangu denga lotsika ndi lokwera. Komabe kusankha lokwera sikunachokere pa chithunzi ayi, kunachokera pa sekishoni, nditawerengera kutentha kwa malata mu Okutobala.

Mu foda yomwe ndatumiza muli `modelo_shedi.skp`, zithunzi zosakonza ndi zokonza zili moyandikana. Ngati mukuona kuti pepala 5 ndi 6 sakuyenera kulowa m'malikisi, ndili wokonzeka kuikapo zojambula za pensulo lisanafike Lachisanu. Mundiuze ngati ndingabwere ku ofesi kwanu Lachitatu masana kuti nditsegule modelo muone.

Zikomo kwambiri,
Wophunzira wanu wa chaka chachitatu, gulu la situdiyo ya Lachiwiri