Phokoso la Madzulo

Bambo Mbewe anatsika minibasi pa boma la Ntcheu Lachiwiri masana, mwezi wa Okutobala, atanyamula chikwama cha zipangizo chomwe anali atachifungatira pamiyendo kuchokera ku Blantyre. Anaitanidwa ndi Mayi Nkhoma, mkulu wa wailesi ina yaing'ono ya m'deralo, chifukwa kwa miyezi iwiri omvera anali akudandaula za phokoso long'ung'uza ngati njuchi, limene linkamveka pansi pa mawu a muulutsi madzulo, makamaka pa nthawi ya mauthenga a maliro. Anthu ena anali atayamba kale kunong'onezana kuti pali wina amene akuilodza wailesiyo, ndipo mwini sitolo ina anali ataopseza kuti asiya kulipira malonda ake.

“Tasintha mayikolofoni, tagula mawaya atsopano, ndipo mnyamata wathuyu anafika potsegula mikisa yosakanizira mawu n'kuipukuta fumbi,” anatero Mayi Nkhoma. “Masana limakhala bwinobwino, koma ikangokwana 6 koloko, limabwera.”

Mnyamatayo, Yamikani, anali muulutsi amene ankayang'aniranso makina chifukwa panalibe wina woti n'kutero. Anawaonetsa Bambo Mbewe situdiyo, yomwe inali chipinda chimodzi cha nyumba yakale chokhomedwa masiponji m'makoma, kenaka anawatengera kuseri, kumene kanyumba ka thiransimita, makina otumiza mawu mumlengalenga, kanali patsinde pa mlongoti. Waya umodzi wokha wa mawu, wokhala ndi mapulagi a tizitsulo titatu otchedwa XLR mbali zonse, ndi umene unkalumikiza malo awiriwo.

Masana onse Bambo Mbewe sanapeze kanthu, ndipo sanadabwe. Anavala mahedifoni, anakhala pampando wa muulutsi, nadikira. Itangopitirira 6 koloko phokosolo linayamba, lochindikala ndi losasintha, ndipo khutu lawo linalizindikira nthawi yomweyo: linali liwu la magetsi a m'nyumba, amene kuno kwathu amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Chimene chinawagwira mtima chinali china. Phokosolo linkalira kwa kanthawi, n'kuleka, n'kuyambanso, ngati kuti munthu akulitsegula ndi kulitseka mwadala, ndipo pasanathe ola linatheratu.

Usiku umenewo anangokwanitsa kutsitsa mawu a mayikolofoni onse ndi a kompyuta, n'kutsimikiza kuti phokoso silinkachokera kumeneko, chifukwa pa kawailesi kakang'ono komvera zimene zikuulutsidwa linkapitirirabe ngakhale mikisa itatsekedwa mawu onse. M'mawa mwake anayamba kukayikira zinthu zapafupi. Panali chigayo tsidya la msewu, koma chinkagaya tsiku lonse ndipo chinkatseka nthawi imene phokoso linkayamba. Panali wowotcherera zitsulo, amene ankaweruka 5 koloko. Anakayikira mababu a panja, poti amayatsidwa kukamada, ndipo madzulo a Lachitatu anawazimitsa onse, koma phokoso linabwera pa nthawi yake osasamala za mdimawo. Anazula machaja a mafoni onse m'nyumbamo, chinthu chimene chinakwiyitsa aulutsi awiri, koma sichinathandize.

Pamenepo Yamikani, amene anali atawerengako pang'ono za zinthuzi, ananena maganizo ake mwaulemu.

“Bwana, ndinamva kuti munthu akadula chishango cha waya wa mawu mbali imodzi, phokoso lotere limatha.”

“Limatha ndithu, achimwene,” anayankha Bambo Mbewe. “Tiyeni tiyese, koma musakhudze mikisa mpaka nditanena.”

Waya wa mawu wamtunduwu uli ndi timawaya tiwiri tonyamula mawu, ndipo tonse timakutidwa ndi ukonde wa mkuwa, chishango chija, umene umalumikizidwa ku kachitsulo koyamba ka pulagi. Bambo Mbewe anamasula pulagi ya ku mikisa, anachotsa ukondewo pa kachitsulo kake, n'kubwezera pulagiyo. Phokoso linatha nthawi yomweyo. Yamikani anawomba m'manja, ndipo Mayi Nkhoma, amene anali pakhomo, anafunsa ngati angathe kukonza ndalama ya ulendo wobwerera.

Koma Bambo Mbewe anali atatulutsa kale mita yawo. Anakoka waya wautali kuchokera pa lamba wa mkuwa wa patsinde pa mlongoti mpaka m'situdiyo, nayeza pakati pa waya umenewo ndi chitsulo cha kunja kwa mikisa. Mita inaonetsa mavoti oposa 90, kenaka inatsikira pansi, ndipo patapita kanthawi inakweranso, motsatira ndendende kuyamba ndi kuleka kwa phokoso lija. Anawauza onse kuti aime patali ndi tebulo, anabwezera ukonde uja pamalo pake, ndipo phokoso linabwerera.

“Mwalibwezeranso?” anafunsa Mayi Nkhoma, mawu awo akuonetsa kuti ulemu unali utatsala pang'ono kuwathera.

“Ndalibwezera, mayi, chifukwa waya umenewu ndi umene wakhala ukuteteza ana anuwa. Pali magetsi amene akuthawira pa zitsulo za m'nyumba muno. Anayenera kulowa pansi kudzera pa waya wa ethi, koma sakutero, ndiye njira yokha imene aipeza ndi kudutsa mu mikisa, kuyenda pa ukonde wa waya wa mawu mpaka ku thiransimita, n'kukalowa pansi pa mlongoti. Chimene omvera akumva ndi magetsi amenewo akudutsa. Tikawatsekera njira, adzadikira munthu wogwira mayikolofoni ndi dzanja la thukuta.”

Zinthu ziwiri tsopano zinafunika kudziwika: chimene chinkataya magetsiwo, ndi chifukwa chake nthaka sinkawalandira. Chachiwiricho chinapezeka Lachinayi m'mawa. Bambo Mbewe anatsatira waya wobiriwira ndi wachikasu kuchokera m'bokosi la mafyuzi, umene unkatsika pakhoma n'kulowa m'kamunda ka maluwa. Atakumba pang'ono anapeza kuti wayawo unali woduka, ndipo kudukako kunali kwa khasu. Mbali imene inatsala pa ndodo ya mkuwa inali itachita kale dzimbiri lobiriwira. Nthaka yake inali youma gwa. Anaonanso kuti kanyumba ka thiransimita kankalandira magetsi pa waya wa mitsempha iwiri yokha, wopanda ethi, ndiponso kuti bokosi la mafyuzilo linali lachikale, lopanda chida chozimitsa magetsi akayamba kuthawa.

Choyamba chija ndicho chinavuta. Anayeza firiji, ketulo, makompyuta ndi inveta ya mabatire, ndipo zonse zinali bwino. Anapempha buku limene aulutsi amalembamo zochitika za pulogalamu iliyonse, naona kuti dandaulo la phokoso linalembedwa pafupifupi madzulo onse, kupatula Lamulungu. Palibe mmodzi mwa ogwira ntchito masana amene anatha kufotokoza chifukwa chake.

Madzulo amenewo sanakhale m'situdiyo. Anatenga kawailesi kakang'ono, anakaika pakhutu, nayamba kuyendayenda pabwalo. Phokoso litayamba, anazungulira nyumba yonse mpaka anafika pa kanyumba ka mlonda pafupi ndi geti, kumene a Maseko, bambo wachikulire wovala chikhoti chachitali ngakhale kunkatentha, ankatereka madzi a nsima. Mbaula yawo inali ya magetsi, ya mbale imodzi, ndipo waya wake unkalowa pawindo n'kukafika pa soketi ya m'chipinda chosungiramo katundu. Bambo Mbewe anapereka moni, anakhala pa njerwa, ndipo anamva kachida ka kutentha ka mbaulayo kakuti thapu. Phokoso pa kawailesi linaleka. Katatinso thapu, linayambanso.

“Madala, mbaula imeneyi imakuvutani?”

“Imaluma pang'ono, bambo,” anatero a Maseko mosabisa. “Ndikagwira poto ndi dzanja lonyowa, imandinjenjemeretsa. N'chifukwa chake ndimaima pa thabwa ili povundula.”

“Nanga Lamulungu mumaphika?”

“Lamulungu mwana wanga amandibweretsera chakudya akachoka ku tchalitchi.”

Atazula mbaulayo n'kuisiya kuti izizire pang'ono, Bambo Mbewe anayeza pakati pa waya wotenthetsa ndi chitsulo cha kunja, ndipo anapeza zimene ankayembekeza: ufa woyera umene umalekanitsa ziwirizo m'kati mwa mbale unali utaonongeka ndi madzi a mphika osefukira kwa zaka zambiri, kotero kuti magetsi ena a mavoti 230 aja ankadutsa n'kufika pa chitsulo, kenaka pa mwendo wachitatu wa pulagi. A Maseko anafotokoza kuti anayamba kuphikira pamenepo mwezi wa Ogasiti, makala atakwera mtengo, ndipo mbaulayo anachita kupatsidwa ndi mlamu wawo.

Mayi Nkhoma atamva nkhaniyi Lachisanu m'mawa, mkwiyo wawo wa miyezi iwiri unapeza pogwera. Ananena kuti mlonda analibe chilolezo chogwiritsa ntchito magetsi a wailesi, ndipo anayamba kulankhula za kalata yomuchotsa ntchito. A Maseko anaima pakhomo atavula chipewa, osayankha.

Bambo Mbewe anaika zidutswa ziwiri za waya woduka uja patebulo la mkuluyo.

“Waya uwu unaduka kalekale, mayi, mwina dzinja lathali pamene ankabzala maluwa aja, ndipo palibe amene akanadziwa. Mbaula ya madalawa ndi imene yatiuza, ndipo yatiuza popanda kuvulaza munthu. Ikanakhala firiji kapena ketulo imene yaonongeka kwathunthu, tikanamva nkhani ina. Za chilolezo mukambirana nokha, koma mu lipoti langa ndilemba kuti vuto linali ethi ya nyumba.”

Tsiku lonselo anagwira ntchito ndi Yamikani. Anakhoma ndodo ziwiri zatsopano za mkuwa pamalo a chinyezi kuseri kwa nyumba, anazilumikiza ndi bokosi la mafyuzi pa waya wochindikala wodutsa m'paipi kuti khasu lisaufikenso, ndipo anamanga ethi ya nyumba pamodzi ndi ya mlongoti, kuti mbali ziwirizo zisasiyanenso mphamvu. Pa waya wa mawu anaikapo kathiransifoma kolekanitsa, kamene kamadutsitsa mawu popanda kulumikiza zitsulo za mbali ziwirizo. Anamuonetsa mnyamatayo kayezedwe ka ethi, namuuza kuti aziyeza chilimwe chilichonse nthaka ikauma. Madzulo mauthenga a maliro anawerengedwa mpaka kumapeto, ndipo omvera awiri anaimba foni kufunsa ngati wailesi yagula makina atsopano.

Mndandanda wa zofunika kugula umene Bambo Mbewe anasiya unali ndi chida chozimitsa magetsi othawa, waya wa mitsempha itatu wa ku kanyumba ka thiransimita, ndi mbaula yatsopano ya mbale imodzi. Mayi Nkhoma anaima pa mzere womalizawo ndi cholembera.

“Iyinso ndi ya situdiyo?”

“Ndi ya situdiyo, mayi. Madalawa aziphikabe madzulo aliwonse, ndipo ndi bwino tidziwe chimene akuphikira.”

Mayi Nkhoma anafunsa mtengo wake, ananena kuti ndi wokwera, ndipo anasaina.