Achimwene, Ndalama Iyi Sinditumiza

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Lilongwe tilipo. Uthenga wanu wa Lachiwiri ndinauwerenga, ndipo ndinaona kuti usiku munaimbanso. Ndasankha kulemba m'malo moimba, chifukwa ndikamva mawu anu pafoni ndimangoti "chabwino, ndiona" ngakhale m'thumba mulibe kanthu.

K80,000 mwapemphayi sinditumiza. Ndanena poyamba pomwe kuti musakhale mukuyang'ana foni kudikira uthenga wa Airtel Money, kapena kukongola kwa munthu podalira kuti mlongo wanu abweza mwezi ukatha.

Sikuti ndaiwala kumene ndachokera. Bambo atamwalira ndinu munanditenga ngati mwana wanu. Ndimakumbukira mukukankha njinga yodzaza matumba a kachewere mpaka pa Lizulu, kudzuka kusanache m'nyengo ya chisanu, kuti ine ndipeze fizi. Uphunzitsi ndikudyerawu muli thukuta lanu. N'chifukwa chake mawu akuti ayi akhala akundikanika pakamwa zaka zonsezi.

Koma imvaninso za kuno. Malipiro anga amabwera kamodzi pamwezi, ndipo amafika eni ake akudikira kale: mwini nyumba ku Area 25 kuno, magetsi, madzi, makala, minibasi yopita kuntchito, chakudya cha ana atatu. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu zakwera mtengo kangapo, malipiro akutsalira m'mbuyo. Ndalama ndinakutumizirani mu Ogasiti ija sinali yanga. Ndinaitenga ku banki m'khonde, ndipo mpaka pano ndikubwezabe ndi chiwongoladzanja. Mwezi womwewo mwana wanga wamng'onoyu ankapita kusukulu ndi nsapato yoboola, m'kati titayala katoni kuti phazi lisaponde pansi. Sindinakuuzeni poopa kukudandaulitsani, koma lero ndi bwino mudziwe. Alamu anu kuno sanakunyozenipo ndi tsiku limodzi lomwe, koma foni yanga ikalira usiku, nyumba yonse imangoti zii. Sindikufuna kuti dzina lanu lifike pomayambitsa mkangano m'banja mwanga.

China chimene chimandiwawa n'chakuti tinasiya kucheza. Kale munkaimba kundiuza za mvula, za mbuzi, za amene wakwatira m'mudzi. Masiku ano moni asanathe, nkhani ya ndalama yafika kale. Ndawasowa achimwene anga aja.

Ndikuuzeni zimene ndingakwanitse, ndipo izi ndidzazichita osadikira kukumbutsidwa. Mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi ndi sopo wawo zikhalabe kwa ine mwezi uliwonse. Mwana wanu wamkazi ali Fomu 2 uja, yunifolomu, makope ndi nsapato ndizimugulira ndekha teremu ikamayamba, chifukwa mwana ameneyu ali ndi mutu ndipo sindikufuna asiyire panjira. Ndipo mu Okutobala, mvula isanagwe, ndidzagula matumba awiri a fetereza, lina lokulitsa lina lobereketsa, n'kukupatsirani pa basi. Fetereza ameneyu ndi wa chaka chino chokha. Mukakolola, musunge yogulira wa chaka chamawa.

Kupatula pamenepa, ndalama yapamanja sindizitumizanso, kaya ya mayunitsi, ya ngongole ya pagolosale, kapena yobwezera katapila. Za katapilazi ndikupemphani ndi mtima wonse, zisiyeni. Dimba la bambo lili m'mbali mwa mtsinje lija likanali lachonde, ndipo inu ulimi mumaudziwa kuposa tonse m'banja mwathu. Tomato ndi kabichi pa Lizulu sizisowa ogula, magalimoto a mumsewu wa M1 amaima pamenepo tsiku lililonse. Mwagulitsapo pamsika umenewu ine ndikanali kamwana, simungaulephere lero.

Kukagwa matenda aakulu kapena maliro, imbani nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa usiku. Pamenepo tidzakhala pansi tonse, kuphatikizapo mng'ono wathu wa ku Blantyre, aliyense n'kuponyapo zimene ali nazo. Koma chonde musamatume amayi kuti adzandipemphere m'malo mwanu. Akula, ndipo akaimba amachita kulankhula mwamanyazi. Nkhaniyi ndi ya inu ndi ine. Sindinauze wina aliyense, ndipo alamu kapena ana sadzaimva kuchokera kwa ine.

Ndikudziwa kuti mawuwa akupwetekani, makamaka pochokera kwa wamng'ono. Mukakwiya ndimvetsa, koma maganizo angawa sasintha. Sukulu tikatsekera mu Disembala ndibwera ndi ana kudzadya nanu Khirisimasi, ndipo ndikufuna mudzanditengere kudimba kuja tikaone pamodzi pofunika kukonza. Lamulungu madzulo ndikuimbirani kuti tingocheza.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu wokukondani.