Zithunzi 4 za nyumba yathu ya ku Ennerdale

Achimwene, pulani ija mwaiona pa WhatsApp, zipinda zogona 3, geti ndi khonde zonse zayang'ana kumpoto. Mukamarenda mutsate izi chonde.

Choyamba, kumaso kwa nyumba, m'mawa wa mu Juni 9 koloko. Kamera iime pa geti, mamita 1.6 kuchoka pansi ngati munthu wangofika kumene, lenzi ya 35mm. Khoma la njerwa zofiira zosapaka pulasitala zija za fesibiriki, mizere ya simenti izioneka. Malata a IBR otuwa, mawindo a aluminiyamu wakuda, pavingi kuchokera pa geti mpaka pa sitepe. Dzuwa lichokere kumanzere, mithunzi igwere kumanja. Kapinga akhale wouma wachikasu mmene amakhalira Joni kukazizira, wobiriwira uja ayi.

Chachiwiri ndiye chenicheni, apapa musathamange. Khonde, mu Juni momwemo, 1 koloko masana. Nthawi imeneyi dzuwa la kuno limadutsa chakumpoto komanso m'munsi ndiye lilowe mpaka kukhoma lamkati, munthu aone kuti pamenepa mpootherapo dzuwa. Pansi simenti yofiira yopaka polishi, yowala koma osati ngati galasi, pazioneka kuti pamakolopedwa. Mapilala 3 a njerwa zomwezija, siling'i ya matabwa a paini a vanishi. Mkeka woyala pakona, mpando wandalema umodzi ndi chitenje chokoloweka pamenepo, kapu ya tiyi pansi. Kamera itsike, mita imodzi basi ngati wakhala pa mkekapo, izionera m'litali mwa khonde, lenzi ya 24mm. Chimenechi ndikatumiza kwa amayi ku Dedza, amangoti Joni kulibe pokhala panja, ndikufuna akachiona anene okha kuti mpandowo ndi wawo.

Chachitatu mkati, 6 koloko madzulo kunja kutayamba mdima. Kamera pakhomo la pabalaza kuyang'ana kukhitchini. Matailosi otuwa a 600 kwa 600, makoma a penti yoyera, makabati oyera, pamwamba pake giranaiti yakuda, magetsi achikasu ofewa. Tebulo la anthu 6, bakuli pakati.

Chomaliza chikhale cham'mwamba ngati cha dironi, mamita 30, kuchokera kumpoto chakum'mawa kuti denga ndi kuseri zioneke limodzi. Novembala, 4 koloko, mitambo yakuda yamvula ikusonkhana koma dzuwa likadawomba pa malata. Giza ya sola ikhale mbali yakumpoto ya denga, thanki yamadzi yobiriwira ya malita 2500 pakona pomwe gatala akutsikira, jakaranda wamaluwa pamsewu. Kuseri musaikeko pulu, ikani mizere ingapo ya chimanga chofika m'mawondo ndi nkhwani woyanga pansi pake, ndi chingwe choyanikapo zovala, mayi a kunyumba ayitanitsa zimenezo.

Muyambe ndi cha khondecho, ndichione Lachisanu ndikaweruka.