Manotsi a saundi, nyimbo ndi chete a filimu yathu ya "Foni ya ku Joni"

Manotsi awa akuyenda limodzi ndi sikiripiti yomwe ndakutumizirani ija, yamasamba 26. Achimwene a saundi, asisi a edita, ndi inu amayi a kwaya, chonde werengani tisanakwere minibasi ya ku Lizulu Lolemba, chifukwa tikakafika kumudzi masiku ndi 6 okha ndipo sindidzakhala ndi mpata wofotokozera munthu aliyense payekha.

Ndalama yolemba woimba tilibe, yogula nyimbo tilibenso. Ndiye filimuyi ndi ya maminitsi 24 koma nyimbo zonse kuphatikiza zisapose maminitsi atatu, zilowa malo atatu okha omwe ndawalemba m'munsimu. Kwina konseko akutiimbira ndi mudzi womwewo, mtondo, nkhuku, malole a pa M1, malata akamathetheka ndi dzuwa. Filimu yathu yapita ija tinathira kiyibodi yachisoni kuyambira poyamba mpaka kumapeto ndiye mayi akulira kiyibodi, mwana akutunga madzi kiyibodi, mpaka pofika pa maliro enieni anthu anali atatopa kale kumva chisoni, ena mu holo amangoyankhula zawo. Cholakwa chinali changa, sindikufuna kubwereza.

Zida tili nazo ndi izi: rekoda ya Zoom H4n yobwereka, maiki imodzi yaitali ija tiimangirire ku nsungwi, timaiki tiwiri tapakolala koma kamodzi kamachita phokoso chingwe chikagwedezeka, ndi hedifoni. Rekoda ikhale pa WAV, 48 kHz, 24-bit, osati MP3 ngakhale khadi litadzaza, bola tikopere mu laputopu masana. Mawu a anthu azifika cha pa -12 dB. Rekodayi imadya mabatire koopsa ikamadyetsa maiki yaitaliyo, ndiye AA tigule okwanira m'tauni, a pagolosale yakumudzi satha ndi sini imodzi yomwe. Mafoni onse pa `airplane mode`, wanga yemwe. Teki iliyonse wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, phaa, kuti asisi asadzavutike polumikiza. Mafayilo muziwatcha chonchi:

```
S07_T03_nambewe.wav
S07_chete_khonde.wav
```

Fayilo yachiwiriyo ndi imene anthu amaiwala. Tikamaliza sini iliyonse, tisanasunthe ngakhale mpando, aliyense aime pomwe ali duu kwa masekondi 60 tijambule chete wa malowo. Chete wa m'nyumba yamalata masana ndi wosiyana ndi wa m'khitchini yaudzu usiku. Mukangodula saundi pa kompyuta n'kusiya zii weniweni, woonera amaganiza kuti foni yake yafa kapena bandulo yatha, amayamba kuigogoda. Ndiye paliponse ndalemba kuti CHETE ndikutanthauza chete wojambulidwa, wokhala ndi mpweya wa malowo.

SINI 1, kuseri kwa nyumba, m'mamawa. Tiyambe ndi mdima, chithunzi chisanaoneke timve kaye mtondo, thi, thi, thi, misi iwiri yolandizana, Nambewe ndi mpongozi wake Esinta. Tambala patali. Nyimbo ayi, ngakhale pa dzina la filimu. Mtondowu ndiye mtima wa filimu yonse ndiye tiujambule pawokha bwinobwino, misi iwiri, kenako munsi umodzi wokha, maminitsi awiri chilichonse. Maiki ikhale cham'mbali osati kukamwa kwa mtondo, mungadzaze gaga.

SINI 3, pamsika wa Lizulu, Esinta akukafunsa kwa ejenti ngati ndalama yalowa. Apa pali vuto. Mashopu amaliza nyimbo pa masipika tsiku lonse ndipo nyimbo ya munthu ikangomveka mu filimu yathu ndi nkhani ya kukopera, ya COSOMA, bungwe loteteza eni nyimbo, komanso pa YouTube akhoza kutitsekera saundi kapena ndalama zonse kupita kwa mwini nyimbo. Kuonjezera apo nyimbo yakumbuyo imadumpha tikamadula mateki. Ndiye tipemphe mashopu awiri oyandikira atizimitsire kwa theka la ola, tiwagulire fanta. Akakana tijambule zithunzi zokha, mawu tikawatengere kuseri kwa sukulu tsiku lomwelo osewera asanaiwale momwe anayankhulira. Phokoso la msika lijambulidwe palokha: oitanira minibasi, amayi a kachewere ndi kabichi, njinga zamoto. Likhale lodzaza mpaka kutopetsa, ndikufuna woonera apume tikabwerera kumudzi.

SINI 5, usiku, Nambewe akuyesa kuimbira mwana wake Yohane. Timve kuitana kwa foni kokha, tuu, tuu, osayankhidwa, ndi nkhululu panja. NYIMBO YOYAMBA ilowe akaika foni pansi pa pilo: kalimba yokha, osaimba mawu, masekondi 40. Adzatiimbira ndi agogo aja tinawapeza kuja ulendo wapita, nyimbo yopeka okha, ndipo tilembe kapepala asaine kapena adinde chala kuti atilola, dzina lawo lilembedwe kumapeto, kangachepe kawo tiwapatse tsiku lomwelo osati mawa. Tiwajambulire m'chipinda titapachika mabulangete ndi matilesi kukhoma kuti mawu asamabwerere.

Linglitoni ya foni ya Nambewe tipange yathu, manotsi anayi pa kalimba yomweyo. Zobwera ndi foni zija nazonso zili ndi eni ake.

SINI 7, khonde, masana. Iyi ndiye sini yomwe ndakhala ndikuiganizira usiku, ndiye mundipirire nditalikitse. Nambewe akusankha nyemba m'lichero, Esinta akusinja yekha kuseri sitikumuona tikungomva munsi. Foni ikulira. Akuyankha mwachimwemwe poganiza kuti ndi Yohane koma ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Joni. Mawu a mnyamatayo tidzawajambula bwinobwino ndi maiki, asisi mudzawachepetse mu pulogalamu ya Audacity, dulani zapansi pa 300 Hz ndi zapamwamba pa 3400 Hz kuti amveke ngati a pafoni. Timve chiyambi chokha, "Amayi, muli ndi munthu wamkulu pafupi?" Basi. Zotsalazo tisazimve, kamera ili pankhope, woonera aliyense wa kuno akudziwa kale tanthauzo la funso limenelo.

Kuchokera pamenepo zinthu zizichoka chimodzichimodzi. Kaye nkhuku. Kenako ana osewera patali. Kenako malole. Utsale munsi wokha, thi, thi, kasanu, n'kusiya, ngati Esinta wamva kuti kukhonde kwachita bata lachilendo. CHETE masekondi 12. Ndawerenga ndi wotchi, 12 ndi ambiri zedi pa sikirini, mudzafuna kudula, musadule. Chimene chimaswa cheteyo ndi nyemba kutayika m'lichero kugwera pa simenti, waa, ndi kanyemba kamodzi kogubuduka komaliza. Nyembazo tidzazitayenso patokha maiki ili pafupi, kanayi kapena kasanu, tisankhe yabwino.

Nambewe salira apa. Amayi omwe akusewera Nambewe anandifunsa kuti mayi angamve za mwana wake osakuwa? Koma kumudzi maliro salira mfumu isanauzidwe, ndiye akudzigwira, akungoti "Esinta, kaitane amalume ako." Kamvekedwe kake kakhale kotsika ngati akutuma mwana mchere. Nyimbo apa ayi, ndabwereza, ayi.

Ola lojambulira sini imeneyi tisamale. Okutobala uno nyenje zimalira masana mpaka m'makutu kuwawa ndipo sizichoka pa kompyuta, chigayo nachonso chimayamba dzuwa likakwera. Tiijambule cha m'ma 7 koloko m'mawa, kuwalako a kamera adziwa chochita. Mwini chigayo ndalankhula naye, wavomera kuchedwa ola limodzi Lachinayi.

SINI 9, siwa. Choyamba a mfumu adziwe ndipo alengeze kuti Lachisanu usiku kudzamveka nyimbo za maliro za sewero, apo ayi tidzangoona anthu a midzi ina akubwera ndi nkhuni ndi ufa. NYIMBO YACHIWIRI ndi ya kwaya, koma ikuimbidwa mu sini momwemo, amayi ali m'nyumba ife tili panja pamoto ndi abambo, ndiye imveke yodutsa khoma. Amayi a kwaya, ndikupempha nyimbo yanu yopeka nokha ija, osati yomwe munaimva pa wailesi, ndipo musaiimbe mokoma ngati pa mpikisano. Imbani ngati yafika 3 koloko usiku mawu atasasa, wina kulowa mochedwa, wina kutsokomola, zimenezo ndi zomwe ndikufuna. Tiijambule kawiri, m'kati ndi panja chitseko chotseka. Pojambula zokamba za abambo kwaya ingoyendetsa milomo kapena ikhale chete, nyimbo tidzaiika pambuyo. Jenereta ayi, tiunikira ndi moto ndi matochi a sola.

Wina anati tiikepo kadzidzi usiku wa sini 5 ngati malodza. Ndakana, aliyense amatero, ndipo ndi kuulula nkhani isanafike.

SINI 11, galimoto yobweretsa thupi. Tilibe ndalama yochita hayala galimoto ndi ngolo yake tsiku lonse ndiye sitiionetsa. Kamera ili pa anthu oima m'mbali mwa njira pomwe aika masamba. Timve injini ikuyandikira, kusintha giya pa chitunda, mabuleki, injini kuzima, chitseko. Pamenepo ndi pomwe kulira kukuphulika koyamba mu filimu yonse. Achimwene tsitsani rekoda pasadakhale, kulira kumakwera mwadzidzidzi ndipo kukasweka sikukonzeka, teki yachiwiri anthu salira chimodzimodzi. Injini tijambule ya pikapu yomwe itinyamulire katundu ija.

SINI 13, yomaliza, patatha mwezi. Munsi umodzi, Esinta yekha. Pakapita kanthawi wachiwiri ukulowa, wolemera, wochedwa, mpaka ikumane. Sitionetsa kuti ndani, kamera ili pa foni yomwe ili pawindo. NYIMBO YACHITATU, kalimba ija, ilowe mayina akayamba kukwera osati isanafike nthawiyo.

Asisi, pomaliza kusakaniza mumvetsere pa foni yotchipa ndi pa kawailesi ka Bluetooth, osati pa hedifoni zanu zabwinozo, anthu athu ambiri adzaonera pa foni atatu atatu. Sipika ya foni siitulutsa mawu okhuthala apansi ndiye mtondo ukhoza kusowa, muukweze pakati kuti kugunda kwa munsi kumveke. Mukamva kung'ung'udza kwa magetsi mu zojambulidwa m'golosale ndi 50 Hz, mudule pamenepo, ngakhale tidzayesetsa kuzimitsa filiji pojambula. Amene wazimitsa aike kiyi wa kunyumba kwake m'filijimo kuti asachoke osayatsa, za yogati wa eni ake sindikufuna kulipiranso.

Ovala zitenje zatsopano azichape kaye kawiri, zimachita khwakhwa pa kamaiki kapakolala. Ndipo wina abweretse masokosi akale aubweya oveka maiki, kumtunda kuja mphepo siyimasowa.