Chidule cha kafukufuku: Zifukwa zomwe mabanja amabwererera m'madambo ndi m'malo otsetsereka mumzinda wa Mzuzu

Mzinda wa Mzuzu, womwe unali ndi anthu 221,272 pa kalembera wa 2018, ukukula mofulumira, ndipo mabanja ambiri amanga nyumba m'madambo ndi m'malo otsetsereka. Mvula yamphamvu ya mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba zambiri m'madera otere, koma ena mwa okhudzidwa anamanganso pamalo omwewo. Cholinga cha kafukufukuyu chinali kupeza zifukwa zomwe mabanja amabwererera kumalo omwe iwo eni akudziwa kuti ndi angozi.

Kafukufukuyu anachitika ku Masasa, Chibavi ndi Salisbury Line. Wofufuza anacheza ndi eni nyumba, alendi ndi mafumu mmodzimmodzi, anachititsa zokambirana za m'magulu, amayi paokha ndi abambo paokha, komanso anayendera malo kuti aone kamangidwe ka nyumba ndi ngalande. Macheza anachitika m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, malinga ndi kufuna kwa wofunsidwa, ndipo mayankho anasanthulidwa powaika m'mitu ikuluikulu.

Zotsatira zikusonyeza kuti vuto si umbuli, monga momwe anthu ambiri amaganizira, pakuti ofunsidwa ankatha kutchula nyumba zomwe zinagwapo ndi njira zomwe madzi amadutsa. Chomwe chimawabweza n'chakuti malowa ndi otsika mtengo, amapezeka msanga kudzera kwa mafumu kapena kwa eni ake akale, ndipo ali pafupi ndi msika ndi malo a ganyu, kotero kuti munthu amayenda wapansi osalipira kabaza. Kwa iwo, kusamukira kutali ndi tauni n'kutaya mwayi wopeza ndalama ya ufa tsiku lililonse pofuna kupewa ngozi yomwe imadza pa nyengo ya dzinja yokha. Eni nyumba opanda zikalata za malo amazengereza kugula simenti, poopa kuti tsiku lina adzasamutsidwa, choncho amamanganso ndi zidina kapena njerwa zomata ndi dothi, zomwe sizipirira madzi. Alendi, omwe kawirikawiri saganiziridwa pokambirana za ngozi, alibe ulamuliro pa kamangidwe ka nyumba yomwe akugonamo.

Popeza kafukufukuyu anakhudza madera atatu okha, zotsatira zake zisatengedwe ngati chithunzi cha mzinda wonse. Ngakhale zili choncho, akuonetsa kuti mauthenga ochenjeza paokha sangasinthe zinthu pokhapokha nkhani ya umwini wa malo ndi ya kapezedwe ka ndalama itaunikidwanso. Zomwe zapezekazi zingathandize khonsolo ya mzinda ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi posankha malo osamutsirako anthu, polemba alendi m'kaundula wa okhudzidwa, ndiponso pokonza ngalande m'madera omwe anthu anakhazikika kale.