Risiti ya ndalama zolandiridwa pamanja, nambala 0147

Tsiku: Lolemba, 14 Epulo 2025

Risiti iyi ikulowa m'malo mwa risiti nambala 0146 ya lero lomwe, imene yathetsedwa. Pa risiti ija panangolembedwa kuti "ndalandira 200 ya makina kwa a Mbewe". Mawu amenewo sankanena kuti ndi a Mbewe ati, popeza alipo awiri pa nkhaniyi. Sankatchulanso makina ake, ndipo munthu akanatha kuwerenga ngati kuti ngongole yonse yatha. Tsamba lake ladulidwa mizere iwiri, lalembedwa kuti YATHETSEDWA, ndipo latsala m'buku pamodzi ndi kope lake.

Ine Tadala Nkhoma, wogulitsa, ndalandira pamanja ndalama zokwana K200,000.00 (makwacha zikwi mazana awiri basi) kuchokera kwa bambo Yamikani Mbewe. Bambowa apereka ndalamazi m'malo mwa mlongo wawo, mayi Chikondi Mbewe, amene ndiwo ogula. Ngongole ili m'dzina la mayi Chikondi Mbewe, osati la amene abweretsa ndalama.

Cholipirira: gawo lachiwiri la mtengo wa makina osokera amodzi, opalasa ndi phazi, ogwiritsidwapo kale ntchito, akuda, pamodzi ndi tebulo lake ndi lamba. Ndalamazi si za kukonzetsa makina kapena za mayendedwe.

Mtengo wonse umene tinagwirizana: K600,000.00
Zolipidwa kale pa 3 Marichi 2025, risiti nambala 0131: K100,000.00
Zolipidwa lero: K200,000.00
Zonse zolipidwa kufikira lero: K300,000.00
ZOTSALA: K300,000.00 (makwacha zikwi mazana atatu basi)

Zotsalazi ziyenera kulipidwa pasanadutse pa 30 Juni 2025, kamodzi kapena pang'onopang'ono, ndipo palibe chiwongoladzanja. Ndalama iliyonse yobwera idzalembedwa pa risiti yakeyake yotchula nambala ya risiti ino ndi zotsala zatsopano. Makina akhalabe kwa wogulitsa kufikira tsiku limene padzatuluke risiti yonena kuti "zotsala palibe".

Ndalama zawerengedwa kawiri pamaso pa wolipira, ndipo tonse tavomereza kuti zakwana. Manambala akadzapezeka kuti akusiyana ndi mawu, tidzatsata mawu. Risiti iyi yalembedwa ndi cholembera chosafufutika, ndipo ilibe pofufuta kapena polemba pamwamba pa nambala ina. Pakadzaoneka potero popanda siginecha za anthu awiri tonsefe pambali pake, kusinthako sikudzawerengedwa.

Tsamba lapamwamba latengedwa ndi bambo Yamikani Mbewe kuti akapereke kwa ogula. Kope la kaboni latsala m'buku la wogulitsa.

Wolandira ndalama: Tadala Nkhoma, ndasaina pa 14 Epulo 2025
Wolipira: Yamikani Mbewe, m'malo mwa Chikondi Mbewe, ndasaina pa 14 Epulo 2025
Mboni: Limbani Zimba, ndinalipo powerenga ndalama, ndasaina pa 14 Epulo 2025