Malita a Anganga

Chibangili cha anganga chinazima nthawi ili 3 koloko m'bandakucha. Esinati anachiona asanazindikire n'komwe kuti mpweya watha: kanyali kobiriwira kaja kanaphethira kawiri, kenako zii. Malita 9 a tsiku limenelo anali atabwerera kale m'thanki ya mzinda. Achibale anali asanamve za zovutazo, koma ku Gawo la Madzi anali atalemba kale.

Munali m'chaka cha 2094, mwezi wa Okutobala. Mzinda wa Chitakale ku Mulanje unali utameza Boma lakale n'kukafika ku Chinakanaka, nyumba zosanjikizana zili ndandanda pomwe kale panali minda ya tiyi. Mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo inali ikadalipo, koma m'mapaipi, ndipo ana ankaidziwa ngati mayina olembedwa pa mathanki. Ku Chambe ndi pamwamba pa Lichenya anatchera maukonde aataliatali okola chiperoni, ndipo dontho lililonse lotsika m'maukondemo linkadutsa pa mita. Ngakhale mvula yogwa padenga lako siinali yako. Tiyi yekha ndiye ankamwabe madzi mosawerengera, m'nyumba zagalasi za kunjira ya ku Muloza.

Anganga sankasiya kudandaula za zimenezi. Iwo anaona namondwe wa Freddy mu 2023 ali kamtsikana, usiku womwe Napolo anatsika ndi miyala yaikulu kuposa nyumba. "Ife madzi anatipha chifukwa chochuluka," ankatero, "inu akuphani ndi sipuni." Koma mawu omwe anabwereza kwambiri m'masiku awo omaliza anali ena. Malamulo a mzinda ankati mtembo uziyeretsedwa ndi ufa wa mankhwala, wa m'kapaketi koyera komwe a Gawo ankapereka ulere.

"Musadzandiwaze ufa ngati chimanga choopa anankafumbwe. Mudzandisambitse."

Kutacha, Esinati anapita ku kiyosiki ya pa Nambala 14. Mzere unali utafika kale pamsewu, aliyense ndi chigubu chake chokhala ndi chidindo. Atafika pawindo, mayi wa mkatimo sanadzutse mutu.

"Madzi a maliro ndi malita 2, akumwa adzukulu okumba manda. Mubweretse kalata ya kuchipatala. Amatuluka pakatha masiku atatu."

"Masiku atatu? Kutentha kumeneku?"

"Pepanitu achemwali, sindine ndinakonza. Wotsatira!"

Kunyumba anapeza atsibweni ake, bambo Mukhito, atafika kuchokera kuphiri komwe ankasoka maukonde ong'ambika. Manja awo anali okhakhala, odzaza ndi timabala ta waya. Anamvetsera nkhani yonse ali chete, kenako anawerenga ndi zala. Pakhomopo panatsala anthu anayi, malita 36. Olira adzafuna kumwa, nsima ya adzukulu idzafuna madzi, nandolo sapsa ndi mpweya.

"Tikatapa osambitsira mayi pamenepa, ana agona ndi ludzu," anatero. "Ndipo kupempha kwa aneba ukudziwa."

Esinati ankadziwa. Kunyamula madzi kuchoka nyumba ina kupita ina unali mlandu wa kuzembetsa. Tindege ta Gawo, tomwe anthu ankangotitchula kuti akabawi, tinkazungulira pamwamba pa misewu usana ndi usiku. Kabawi akaona ndowa, botolo, ngakhale tiyipoti, ankatsika n'kuyeza, ndipo chibangili cha wonyamulayo chinkatsekedwa sabata yathunthu.

Mayi Nanthambwe, mkulu wa amayi a mumpingo, anamva zonsezi ali pakhomo. Sanayankhe kanthu. Anangofunsa ngati bafa lalikulu la anganga lija likadalipo, n'kunyamuka.

Olira anayamba kufika dzuwa litapendeka. Ankabwera awiriawiri, atatuatatu, akuyimba nyimbo ya maliro mokoka, manja ali kumbuyo monga mwa mwambo. Akabawi anatsika, anazungulira mitu yawo, sanapeze chigubu, n'kukweranso. Esinati anadabwa kuona amayi onse atavala zitenje ziwiriziwiri pa dzuwa lotere, ndipo akuyenda ngati miyendo yalemera.

Mayi woyamba atalowa kuchipinda, anamasula chitenje chakunja. Chamkati chinali chonyowa chonse, chomata m'thupi. Anachivula, anagwada pa bafa, ndipo iye ndi mayi Nanthambwe anagwira uyu mbali iyi, uyu mbali iyo, n'kuyamba kupotokola. Madzi anatuluka, oderako ndi utoto wa nsalu, ofunda ndi thupi la mwini wake. Anapotokola mpaka zala zinayera, mpaka dontho lomaliza. Wachiwiri anali atanyowetsa duku. Wina anabweretsa thewera la mwana wake lochapa bwino, ataliviika pampopi wa kwawo n'kulikulunga m'chiuno. Mtsikana wina wa pa Nambala 20, yemwe Esinati sankalankhula naye chikanganirane za malo pamzere, anafinya siketi yake yamkati osamuyang'ana.

"Malamulo akuti chotengera," anatero mayi Nanthambwe akupukuta thukuta. "Chitenje n'chovala."

Pofika madzulo bafa linali litadutsa theka. Amayi akuluakulu anatseka chitseko, ndipo anganga anasamba.

Vuto linatulukira m'mawa mwake, anthu atangobwera kumanda. Palibe anakumbukira kuti paipi yotaya madzi akuda nayonso ili ndi mita, poti madzi amenewo amabwerera kukasefedwa. Pakhomo panaima njinga yamagetsi ya Gawo, ndipo anatsika mnyamata wa yunifomu yotuwa, wosapitirira zaka 25. Anavula chipewa, anagwada pang'ono kupepesa maliro, kenako anatulutsa kachipangizo kake.

"Bambo, nyumba ino dzulo yalandira malita 36. Yataya 58. Enawa achokera kuti?"

Pabwalo panali zii. Amayi ena anayamba kukonzakonza maduku awo.

"Ndi misozi, mwanangu," anatero bambo Mukhito. "Mayi anga anali munthu wa anthu."

Mnyamata uja sanaseke. Anayang'ana pachingwe kuseri kwa nyumba, pomwe panali zitenje zambirimbiri zamakwinya opotokola, zonse zitauma gwa. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Pafomu pano palibe misozi," anatero motsitsa mawu. "Pali zifukwa ziwiri basi. Kuzembetsa, kapena mita yawonongeka. Ndikalemba kuzembetsa, afufuza zibangili za mdadada wonse, aone amene anatunga mosazolowereka dzulo. Ndikalemba kuti yawonongeka, atseka mpopi wanu masiku anayi podikira amisiri."

"Masiku anayi, ndi ana awiri m'nyumba?" anafunsa Esinati.

"Achemwali, chachitatu ndilibe."

Bambo Mukhito anayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, kenako anatembenukira kwa mnyamatayo. "Mita imeneyi yakhala ikuvuta kuyambira kale. Lembani."

Analemba. Chibangili cha Esinati chinanjenjemera, kanyali kake n'kusanduka kofiira. Mnyamatayo anavala chipewa, anakwera njinga, koma asanailize anakodola mayi Nanthambwe.

"Amayi, simuli oyamba. Ku Limbuli anayamba chaka chatha, ndipo akuluakulu akudziwa. Mwezi wamawa akabawi onse awaika diso loona chinyezi."

"Mwezi wamawa tsiku lanji?"

"Pa 15."

Mayi Nanthambwe anagwedeza mutu, n'kubwerera kwa anzawo akuwerenga zala. "Masiku anayi, malita 36 patsiku. Anachisale, inu ndi a pa Nambala 16 mubwera mawa kudzapepesa. Valani zitatu."